Masabata 12 okonzekera mayeso oyamba a uakauntanti

Mayeso a FA, limodzi mwa mapepala atatu a gawo loyamba la maphunziro a bungwe la ACCA, amatenga maola awiri ndipo amakhala ndi malikisi 100. Izi zikutanthauza kuti funso la malikisi awiri lili ndi mphindi ziwiri ndi masekondi 24 basi. M'nthawi yochepayo wolemba ayenera kuwerenga funso, kuzindikira msampha umene wabisika m'katimo, kuwerengera, ndi kusankha yankho. Ophunzira ambiri amene amabwerako opanda kanthu sakhala aulesi. Amakhala kuti adawerenga buku lonse kuyambira tsamba loyamba mpaka lotsiriza monga mmene munthu amawerengera nthano, koma dzanja lawo silidazolowere kugwira ntchito.

Kulephera kuli ndi mtengo wake. Ndalama zolembetsera ku ACCA ndiponso za chaka ndi chaka zimalipidwa m'mapaundi, ndipo aliyense amene amalandira malipiro ake m'makwacha akudziwa tanthauzo la zimenezi, makamaka chichitikire kuchepetsedwa mphamvu kwa kwacha ya Malawi ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kwa kalaliki amene akudzilipirira yekha, kapena amene banja lidamusonkhera, kubwereza pepala ndi nkhani yokhudza chakudya cha pakhomo.

Gawo loyambali lili ndi mapepala a BT, MA ndi FA, amene mpaka mu 2018 ankadziwika kuti F1, F2 ndi F3. Onse amalembedwa pa kompyuta, tsiku limene wophunzira wagwirizana ndi malo olembera, zotsatira zimatuluka pomwepo, ndipo wokhoza ayenera kupeza malikisi 50. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi ya FA, kaamba koti ndi pepala limene lili ngati maziko a nyumba yonse. Amene akulemba mayeso oyamba a ICAM ku Malawi kapena a ZICA ku Zambia apeza kuti mitu yambiri ndi yomweyi, ngakhale kafunsidwe ndi kagawidwe ka malikisi nkosiyana.

Musanagule buku

Ntchito ya tsiku loyamba ndi kupeza silabasi ya chaka chimene mudzalembere. Ku ACCA silabasi ya mapepala amenewa imayenda kuyambira Sepitembala mpaka Ogasiti wa chaka chotsatira, ndipo imasinthasintha. Buku limene mkulu wanu adakhozera zaka zisanu zapitazo lingathe kukuthandizani pa mitu yambiri, koma muyenera kuliika pambali pa silabasi nkuchonga zimene zidachotsedwa ndi zimene zidawonjezeredwa. Mu 2024 mudatuluka lamulo latsopano la kalembedwe ka malipoti a chuma, IFRS 18, lolowa m'malo mwa IAS 1, ndipo mu 2025 ACCA idalengeza kuti maphunziro ake onse akonzedwa mwatsopano kuyambira mu 2027. Wophunzira ayenera kudziwa mbali ya mzere imene waima.

Tiyerekeze munthu wogwira ntchito masana. Iye angathe kupeza ola limodzi ndi theka madzulo anayi pa sabata, nkuwonjezera maola anayi Loweruka. Amenewo ndi maola 10 pa sabata, 120 pa masabata 12. Mwa maola amenewa, owerenga buku asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu. Otsalawo ndi oyankha mafunso, pensulo ndi makina owerengera zili m'manja. Pakhalenso kope limodzi lolembamo zolakwa zokhazokha: funso lililonse limene mwaphonya, ndi chifukwa chake m'chiganizo chimodzi. Kope limeneli lidzakhala la mtengo kuposa buku pofika sabata ya 11.

Kuti mitu isaoneke ngati mbalame zosiyana nthenga, tiitsata pa bizinesi imodzi yongoyerekeza: sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza pamalo ena ochitira malonda, imene chaka chake cha mabuku chimatha pa 31 Disembala.

Sabata 1 ndi 2: kulemba kawiri

Chilichonse mu FA chatsamira pa mfundo imodzi: chuma chimene bizinesi ili nacho chimalingana ndi mpamba wa mwini wake kuphatikiza ngongole zimene bizinesiyo ili nazo kwa ena. Mwini sitolo yathu waika K10,000,000 ku banki, kenaka watenga katundu wa K4,000,000 pa ngongole. Chuma tsopano ndi K14,000,000, ndipo mbali inayo kuli mpamba wa K10,000,000 ndi ngongole ya K4,000,000. Akagulitsa theka la katunduyo pa K2,600,000, ku banki kukhala K12,600,000, m'sitolo mutsala katundu wa K2,000,000, ndipo phindu la K600,000 lipita kukakuza mpamba. Mbali zonse ziwiri zifika pa K14,600,000.

Njira yolembera zochitika zilizonse kawiri, kwina debiti kwina kirediti, idalongosoledwa m'buku losindikizidwa ndi Luca Pacioli ku Venice mu 1494, ndipo makompyuta a lero sadaisinthe. Chuma ndi ndalama zogwiritsidwa ntchito zimakula ku debiti. Mpamba, ngongole ndi ndalama zolowa kuchokera ku malonda zimakula ku kirediti. Chiganizo chimenechi munthu angachiloweze pa mphindi zisanu, ndipo pamenepo ndi pamene pagona vuto. Kuloweza sikufanana ndi kudziwa. Masabata awiri onsewa athere pa kujambula maakaunti a leja papepala ndi kulembamo zochitika makumimakumi: katundu wobwezedwa, ndalama zimene mwini watapa kukagwiritsa ntchito kunyumba, msonkho wa pa malonda umene sitolo imatolera m'malo mwa boma ndipo si wake.

Pali njira yodziyesera. Wina akutchulireni zochitika 20 motsatizana, inu muziyankha debiti ndi kirediti yake mosaima kuganiza. Mukaphonya zoposa ziwiri, musapite patsogolo, ngakhale kalendala ikunena kuti nthawi yakwana. Sabata yowonjezera pano imabwezeka. Yosiya dzenje pano imadzalipitsa pa mutu uliwonse wotsatira. Ndikunena motsindika chifukwa anthu amene amagwira kale ntchito m'maofesi a zachuma ndi amene amakonda kulumpha gawo limeneli. Ku ofesi pulogalamu ya pa kompyuta ndiyo imasankha debiti ndi kirediti, iwo amangolowetsa invoisi, ndiye amadziona ngati akudziwa.

Sabata 3 mpaka 5: zokonza za kumapeto a chaka

Apa ndi pamene pali mafunso ochuluka a malikisi awiriawiri, ndipo mitu yake yonse ikuyankha funso limodzi: kodi ndalama iyi ndi ya chaka chino kapena cha mawa?

Yambani ndi katundu wotsala m'sitolo, sabata yachitatu. Lamulo la IAS 2 likuti katundu awerengedwe pa mtengo wocheperapo pakati pa umene adagulidwira ndi ndalama zimene angabweretse akagulitsidwa, mutachotsa zolipira kuti agulitsike. Sitolo yathu yatsala ndi matumba 50 a mbewu, lililonse logulidwa pa K20,000. Matumba 10 adanyowa denga litadontha. Angagulitsidwe pa K15,000 limodzi, koma pafunika K2,000 yopakirira thumba lililonse mwatsopano. Matumba 40 abwinowo ndi K800,000. Owonongekawo ndi K13,000 limodzi, onse pamodzi K130,000. Katundu yense ndi K930,000. Pa mayankho anayi amene adzaoneke pa kompyuta, yembekezani kupezapo K1,000,000 ya amene waiwala lamulo, ndi K950,000 ya amene waiwala K2,000 ija. Olemba mafunso amadziwa pamene anthu amapunthwa, ndipo yankho la wopunthwa amaliika pomwepo kuti aliwone nkusangalala. Sabata yomweyi phunzirani njira za FIFO ndi AVCO, ndipo dziwani kuti ya LIFO lamuloli sililola.

Sabata yachinayi ndi ya katundu wokhalitsa. Sitolo yagula galimoto yonyamulira feteleza pa K12,000,000, ikuyembekeza kuigwiritsa ntchito zaka zisanu nkudzaigulitsa pa K2,000,000. Mtengo wake umagawidwa pa zaka zimene igwire ntchito. Pa njira yogawa mofanana, muchotsa K2,000,000 pa K12,000,000 nkugawa zotsalazo ndi zisanu, ndipo chaka chilichonse chisenza K2,000,000. Pa njira yochotsa peresenti pa mtengo wotsala, titi 20 peresenti, chaka choyamba chisenza K2,400,000, chachiwiri K1,920,000, kaamba koti peresentiyo tsopano ikuwerengedwa pa K9,600,000. Galimotoyo ikagulitsidwa pa K7,000,000 patatha zaka ziwiri, njira yoyamba ionetsa kuluza K1,000,000 pamene yachiwiri ionetsa K680,000. Galimoto ndi yomweyo, wogula ndi yemweyo. Wophunzira amene angafotokozere mnzake chifukwa chimene manambala awiriwa akusiyanira wamvetsa mutuwu. Chenjezo lina nlakuti funso limanena ngati chaka chogulira chiwerengedwe chonse kapena mwezi ndi mwezi, ndipo mawu amenewo amakhala kumapeto kwenikweni, kumene maso othamanga safika.

Sabata yachisanu muigawe pawiri. Poyamba zolipiriratu ndi zobwereka nthawi. Pa 1 Okutobala sitolo yalipira lendi ya miyezi isanu ndi umodzi, K1,200,000. Miyezi itatu yokha ndiyo ili m'chaka chino, choncho K600,000 ndi ndalama yogwiritsidwa ntchito, ndipo K600,000 inayo ndi chuma chimene chikudikira chaka cha mawa. Bilu ya madzi a Disembala imene ifike mu Januwale ndi ya chaka chino ngakhale isadalipidwe. Jambulani mzere wa miyezi papepala nthawi zonse. Kuwerenga miyezi m'mutu kwagwetsa anthu anzeru. Kenaka ngongole za makasitomala osabweza. Chofunika kugwira apa nchakuti ngongole yotayikiratu imachotsedwa yonse pa phindu, koma pa ndalama yoikidwa padera kaamba ka ngongole zokayikitsa, chimene chimakhudza phindu la chaka chino ndi kusintha kwake kokha poyerekeza ndi chaka chatha.

Sabata 6: kusaka zolakwa

Mukasonkhanitsa zotsala za maakaunti onse a leja, madebiti ayenera kulingana ndi makirediti. Akapanda kulingana, kusiyanako kumaikidwa kaye mu akaunti yongodikirira, ndipo kumadzachoka zolakwa zikapezeka. Kusiyanako nako kumalankhula. Ngati kukugawika ndi 9, kayikirani manambala otembenuzidwa, monga K540,000 yolembedwa K450,000, imene isiya mpata wa K90,000. Ngati theka la kusiyanako likufanana ndi nambala ina m'mabuku, mwina nambalayo idalembedwa mbali yolakwika.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mbali ziwiri zingathe kulingana bwinobwino mabuku ali olakwika. Ndalama yokonzetsera galimoto ija ikalembedwa ngati yogulira galimoto, debiti ndi kirediti zilingana, koma phindu lidzatupa ndipo chuma chidzaoneka chochuluka. Invoisi yoiwalikiratu nayo siisiya chizindikiro. Mafunso ambiri a mutuwu amangofuna kuti musiyanitse zolakwa zimene zimakhudza akaunti yodikirira ija ndi zimene siziikhudza, ndipo njira yake ndi imodzi: lembani zimene zidalembedwa, lembani zimene zimayenera kulembedwa, kenaka pezani chosinthira choyambacho kuti chikhale chachiwiri.

Kuyanjanitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki kumafuna dongosolo lomwelo. Buku la sitolo likuonetsa K2,350,000, sitetimenti ikuonetsa K2,750,000. Choyamba, konzani buku ndi zimene banki ikudziwa koma inu simumadziwa: banki yadula K30,000 ya ntchito zake, ndipo kalabu ina ya alimi yalipira K180,000 molunjika mu akaunti. Buku tsopano lifika pa K2,500,000. Chachiwiri, yambirani pa sitetimenti nkukonza zimene inu mukudziwa koma banki isadazione: cheke ya K400,000 imene mudapereka kwa wogulitsa feteleza koma sadakaitape, ndi K150,000 imene mudasungitsa madzulo a pa 31 Disembala koma isadaonekere. Chotsani yoyambayo, wonjezerani yachiwiriyo, ndipo mupezanso K2,500,000. Nambala imeneyi ndiyo imalowa mu lipoti la chuma, osati ya pa sitetimenti. Kumbukiraninso kuti banki imalemba moona kuchokera kumbali yake: ikati akaunti yanu ili pa kirediti ndiye kuti muli ndi ndalama, ndipo m'buku lanu imeneyo ndi debiti.

Sabata 7 ndi 8: kumanga malipoti

Gawo lachiwiri la mayeso lili ndi mafunso awiri a malikisi 15 lililonse, ndipo limodzi limakhala lokonza malipoti a chuma. Zonse za masabata asanu ndi limodzi apitawa zikumana pano. Sabata yachisanu ndi chiwiri, konzani lipoti la phindu ndi lipoti la chuma ndi ngongole kuchokera pa mndandanda wa zotsala, kasanu kapena kupitirira, mpaka mutaloweza malo a chinthu chilichonse. Onjezani za makampani: masheya, phindu logawira eni masheya, msonkho. Sabata yachisanu ndi chitatu ikhale ya lipoti la kayendedwe ka ndalama ndi ya mabuku osakwanira.

Mabuku osakwanira ndi mutu umene ambiri a ife tidaukumana kale m'moyo tisadauone m'buku, pakuti ndi mabizinesi angati a m'matauni mwathu amene amasunga malisiti onse? Tinene kuti moto wapsereza nyumba yosungira katundu ya sitolo yathu, ndipo a inshuwalansi akufuna kudziwa mtengo wa zimene zapsa. Tikudziwa kuti chaka chidayamba ndi katundu wa K1,000,000, kudagulidwa wa K5,000,000, ndipo malonda adakwana K6,000,000. Ngati funso likuti *mark-up* ndi 25 peresenti, phindu laikidwa pamwamba pa mtengo wogulira, choncho katundu wogulitsidwayo adagulidwa pa K6,000,000 kuchulukitsa ndi 100 kugawa ndi 125, imene ndi K4,800,000, ndipo wopsa ndi wa K1,200,000. Likati *margin* ndi 25 peresenti, phindu ndi gawo la mtengo wogulitsira, choncho katunduyo adagulidwa pa K4,500,000 ndipo wopsa ndi wa K1,500,000. Liwu limodzi lasuntha K300,000. Mayeso ndi a m'Chingerezi, ndipo mawu awiriwa muwazindikire monga mmene mumazindikirira nkhope za abale anu.

Sabata 9 ndi 10: magulu a makampani ndi zotsala

Funso lina la malikisi 15 limakhala la kuphatikiza malipoti a kampani yaikulu ndi kampani imene ikuilamulira. Ophunzira ambiri amauopa mutuwu nkuusiya, poganiza kuti akakhoza ndi malikisi a kwina. Kumeneko nkudzimana, chifukwa pa gawo lino mafunso ake amatsata njira yomweyomweyo. Tinene kuti sitolo yathu yakula nkukhala kampani, ndipo yagula masheya 80 pa 100 alionse a kampani ina yogaya chimanga pa K8,000,000. Masheya otsala m'manja mwa ena ndi a mtengo wa K1,800,000, ndipo chuma cha kampani yogayayo, mutachotsa ngongole zake, chinali K7,500,000 pa tsiku logula. Phatikizani manambala awiri oyambawo nkuchotsa lachitatu: K2,300,000 yotsalayo ndi mtengo wa mbiri yabwino ya bizinesiyo, imene pa mayeso mudzaiona ngati *goodwill*. Msampha waukulu ndi kutenga chuma cha tsiku lotseka chaka m'malo mwa cha tsiku logula. Wachiwiri ndi kuiwala kuti makampani a gulu limodzi akagulitsana katundu, malondawo amafafanizidwa, pamodzi ndi phindu la katundu amene asadatuluke kunja kwa gululo.

Sabata ya 10 ndi yopepukirapo. Muphunzire kutanthauzira malipoti poyerekeza manambala, monga masiku amene makasitomala amatenga kuti abweze ngongole, ndipo muwerenge mitu ya mawu okhaokha: ntchito ya malipoti a chuma, amene amawagwiritsa ntchito, makhalidwe a lipoti labwino. M'mabuku mitu imeneyi imakhala koyambirira. Ine ndikuti idikire, pakuti mfundo yoti ndalama iwerengedwe m'chaka chake imamveka msanga kwa munthu amene wagawa kale lendi ya Okutobala ija.

Sabata 11 ndi 12: mayeso oyeserera

Lembani mayeso athunthu osachepera anayi, lililonse maola awiri osadukiza, foni ili kutali. Limodzi mwa iwo likhale lachitsanzo la pa kompyuta limene ACCA imapereka, kuti tsiku lenileni lisadzakhale loyamba kuona mabatani ake. Gawo loyamba, la mafunso 35, lipatseni mphindi 84. Mafunso aakulu awiri aja mphindi 18 lililonse. Funso likakana, liikeni chizindikiro nkupitirira, koma pomaliza musasiye lililonse losayankhidwa, popeza yankho lolakwa silichotsetsa malikisi.

Mukatha mayeso aliwonse oyeserera, maola ena awiri apite pa kufufuza zolakwa, ndipo muzigawe patatu: zosadziwa mutu, zosawerenga bwino funso, ndi zothedwa nthawi. Mankhwala ake ngosiyana. Zoyambazo zikubwezani ku sabata ya mutuwo. Zachiwirizo zimachepa mukazolowera kuwerenga chiganizo chotsiriza cha funso musanayambe manambala. Zachitatuzo kawirikawiri zimaloza ku sabata ziwiri zoyamba zija, kuti debiti ndi kirediti zikudyabe mphindi zimene sizimayenera kudya.

Popeza tsiku lolembera mumasankha nokha, lisankheni potengera zotsatira zimenezi. Malikisi a kunyumba amakonda kuposa a m'chipinda cha mayeso, choncho amene akupeza 52 kapena 55 patebulo lake ali m'mphepete mwa phompho. Mulingo wanga ndi 65 pa mayeso awiri otsatizana amene simudawaonepo kale. Ngati simudafikepo, onjezani masabata awiri pa mitu iwiri imene ikubwerezabwereza m'kope la zolakwa lija, kenaka muyesenso.